Werengani malata pa chithunzi, mlamu asanakupusitseni

Nyumba yafika pa denga, mitambo ya Novembala yayamba kuda, ndipo inu muli ku Joni. Mlamu wanu yemwe akuyang'anira ntchito kumudzi watumiza uthenga woti kalipentala akufuna malata 40. Musafulumire kukhulupirira munthu amene wakwera pakhoma ndi tepi m'manja. Inu muli ndi chithunzi pa WhatsApp, rula ya mwana wa sukulu komanso mtima wokayikira abale, ndipo zitatuzi ndi zokwanira kukusandutsani injiniya usiku umodzi.

Landirani chithunzi chilichonse chomwe akutumizirani. Chabwino koposa ndi chojambulira pangodya, theka la khoma litabisika ndi mtengo wa mango, mlamu ataima kutsogolo kuonetsa nsapato zatsopano. Chithunzi chotere chimakulitsa zapafupi n'kuchepetsa zakutali, kotero chitseko chomwe chayandikira foni chimaoneka chachikulu pomwe khoma likunka lifupika. Khoma la mamita 11 limatha kutuluka mamita 9. Lero mupulumutsa ndalama za malata anayi, ndipo wogona chipinda chakumapeto aziwerenga nyenyezi ali pabedi.

Anthu osakonda zosangalatsa ngati zimenezi amapempha zithunzi ziwiri, china chakutsogolo, china chakumbali komwe khoma limasongoka. Wojambula aime patali, ayang'anizane ndi pakati pa khoma, foni itaima chilili. Chithunzi chikabwera, amayang'ana mzere wa pamwamba pa khoma ndi wa pansi pake. Mizere iwiriyo ikamayandikizana mbali imodzi ngati ikufuna kukakumana kwa aneba, chithunzicho chikunama ndipo amachibweza.

Tsopano pakufunika chinthu chomwe mukudziwa kale kukula kwake. Musayezere mlamu, pakuti aliyense pachithunzi amadzitalikitsa. Yezerani chitseko. Chitseko cha m'sitolo chimatalika pafupifupi mamita 2 ndipo mulifupi mwake ndi masentimita 80 kapena kupitirirako pang'ono. Kulitsani chithunzi ndi zala mpaka chitsekocho chikwane masentimita 2 pa rula, ndiye kuti sentimita iliyonse ikuimira mita imodzi. Mukatero musakhudzenso galasi la foni, ngakhale mayi a kunyumba aimbe. Komanso pempherani kuti chitsekocho sichinakhomedwe ndi mmisiri wa pamudzi amene anayezera msinkhu wa mwini nyumba, chifukwa chikaperewera ndi masentimita 20 okha, muyeso uliwonse womwe mutenge walakwika kale.

Tiyerekeze kuti khoma lakutsogolo latuluka mamita 9 ndipo lakumbali mamita 6. Kuchokera pamwamba pa khoma kufika pansonga ya denga mwapeza mita imodzi ndi theka. Apa ndipo pomwe akatswiri a pafoni amagawikana magulu awiri, onse olimba mtima.

Gulu loyamba limayeza denga pa chithunzi chakutsogolo chija, pomwe limangooneka ngati kamzere ka mita imodzi ndi theka, n'kukagula malata a mafiti 6. Awa tiwasiye, mvula idzayankhula nawo. Gulu lachiwiri ndi la ophunzira. Limati theka la 6 ndi 3, lata la mafiti 10 ndi mamita 3.05, basi nkhani yatha, tumizani ndalama. Aiwala kuti lata siligona chogona ngati mkeka, limakwera chitunda, ndipo njira yokwera imatalika kuposa ya pansi. Malemu Pythagoras, amene munkawathawa ku sekondale, akudikirani pamenepa:

3 × 3 + 1.5 × 1.5 = 11.25, ndipo √11.25 = 3.35

Ndiye kuti kuchokera pansonga kufika pakhoma ndi mamita 3.35. Lata la mafiti 10 lithera m'nyumba, kutatsala masentimita 30 kuti lifike pakhoma, madzi onse a padenga n'kumagwera pabalaza bwinobwino. Ngati ku nyumba kwanu mjigo uli kutali, njira iyi ndi yothandiza. Ena onse agule la mafiti 12, lomwe ndi mamita 3.66. Limeneli lidutsa khoma n'kutsala ndi masentimita 30 otulukira kunja. Ndi ochepa ndithu kwa khoma la njerwa zomangira dothi, koma aliko. Wofuna mthunzi wokulirapo atumize muyeso ku fakitale akamudulire malata aatali, kapena alumikize awiri, podziwa kuti polumikizira pamadya masentimita 15 kapena kuposerapo.

Kutalika kwa lata kwadziwika, kwatsala kuchuluka kwake. Denga limapitirira khoma mbali zonse ziwiri, tinene theka la mita uku ndi uku, choncho mamita 9 aja asanduka 10. Denga lonse ndi 10 × 3.66 × 2, pafupifupi masikweyamita 73, pomwe pansi pa nyumbayo ndi 54 okha. Nambala ya 73 isungeni yokanyadira pa bawo, pakuti ku hadiweya safunsa masikweyamita. Amafunsa kuti malata angati, a mafiti angati, geji yanji.

Mukafuna kupulumutsanso ndalama, yezani lata kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete n'kugawa. Mukatero mwalamula kuti malata azingogundana mapewa osasanjikizana, ndipo kamphepo kazilowa mokoma. Kalipentala wouma mutu amasanjikiza mzere umodzi ndi theka, n'chifukwa chake lata lamizeremizere la muyeso wonse limafunda masentimita 76 okha, pomwe la IBR limafunda 68.6. Gawani mamita 10 ndi 0.76, mupeza 13 ndi kanyenyeswa. Kanyenyeswako musakataye, popeza palibe sitolo yogulitsa kachidutswa ka lata. Ndi malata 14 mbali imodzi, 28 mbali zonse. A IBR ndi 15 mbali imodzi, 30 onse. Malata ena otchipa amabwera ochepa mulifupi kuposa apa, ndiye tumani mwana akayeze lomwe mukufuna kugulalo ndalama isanatuluke. Onjezanipo awiri a ngozi, kuphatikiza zofundira pansonga za mamita 10 ndi misomali, zomwe pachithunzi sizioneka koma pa lisiti zimaoneka bwino lomwe.

Ngati denga ndi lotsetsereka mbali zinayi, kukula kwake sikusiyana ndi kwa la mbali ziwiri lopendekeka mofanana. Chosiyana ndi chakuti malata a m'ngodya amadulidwa mopingasa, ndipo zidutswa zake zimakathera pa khola la nkhuku. Pamenepo rula ya mwana ibwezeni m'chikwama.

Tsono mwapeza 30, kalipentala akuti 40. Musanatsegule gulu la banja n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, kumbukirani kuti chithunzi chilibe kuseri. Mwina kumbuyo kuli khonde, mwina mayi anu anawonjezera khitchini osakuuzani, ndipo khitchini ya mamita 3 yokha imadya malata anayi kapena asanu. Mwinanso n'zoona kuti mlamu akumanga kagolosale kake pamsewu. Masamu a pachithunzi amangokuuzani ngati nambala ili pafupi ndi chilungamo. Akanati 60 mukanayenera kukwera basi.

Choncho muimbireni kalipentala mwaulemu, mumutchule kuti bambo, ndipo mumupemphe manambala atatu a pa tepi: kutalika kwa denga, kuchokera pansonga kufika kumapeto kwa phaso, ndi mulifupi momwe lata lake likufunda. Mlamu muuzeni azungulire kuseri ajambulenso, koma ulendo uno nsapato zisaonekemo.