Bwana, Yakana

Kumapeto kwa mwezi, m'mashopu akuluakulu a ku Limbe ndi ku Lilongwe, pali mawu awiri amene amafupikitsa munthu msinkhu: "Bwana, yakana." Mtsikana wa pa tilu amawanena motsitsa, koma mzere wonse umamva, ngakhale agogo a kumbuyo aja amene amati makutu anawathera kalekale.

Abwanawo sangavomere. Amalanda khadi, kuipukuta pa thalauzi, kuiuzira mpweya, uku makiyi a galimoto akuzungulira pa chala. "Tayesaninso, chemwali. Muli ndalama mmenemo, osati masewera." Yakananso. Pamenepo mlandu umagwera netiweki, mkaidi wosauka amene amasenza milandu ya tawuni yonse popanda womuyankhulira.

Chonsecho kapepala kamene makina alavula kanena kale chifukwa, kungoti abwana akamwazira pansi osawerenga. Pakalembedwa Insufficient funds, nthawi zina ndi nambala 51 pambali, ndiye kuti ndalama zaperewera, basi.

"Zaperewera bwanji? Uthenga wa dzulo unati K95,000, katunduyu ndi wa K92,400!"

Eya, koma maakaunti ambiri ali ndi kandalama kamene banki imati kazitsala. Tiyerekeze kuti pa akaunti ya abwana ndi K5,000. Zimene angagwiritse ntchito ndi K90,000, ndipo zaperewera K2,400. Makina si mayi wa tomato wa mumsika wa Ndirande woti munenerere, kukasowa ngakhale K50 amakana zonse. Nthawi zina banki yadula ngongole kapena chindapusa cha mwezi usiku, mwini ali mtulo. Choncho yang'anani pa foni mzere wolembedwa Available balance, osati uthenga wa dzulo. Kukonza kwake n'kophweka: lipirani K90,000 ndi khadi, zotsalazo ndi Mpamba, Airtel Money kapena za m'thumba. Apo ayi chotsani katundu. Ndaona kuti pochotsapo, majalini a ana ndiwo amayamba kutuluka, botolo la abwana limatsala.

Incorrect PIN, nambala 55, ndi matenda a amene atenga khadi ya akazi awo mwakachetechete. Kulakwitsa kamodzi si kanthu, kawiri imani kaye. Kachitatu mabanki ambiri amatseka khadi, ndipo ulendo wake ndi wa ku banki, chiphaso m'manja, mwini khadi ali patsogolo. Mmene mukafotokozere kunyumba, zimenezo ndi zanu.

Palinso amene ndalama ali nazo ndithu, koma apyola malire amene banki inaika pa tsiku. Agula simenti m'mawa, matayala masana, madzulo khadi yatopa: Exceeds limit, nambala 61. Awa okha ndiwo ali ndi ufulu wodzitukumula. Adikire mawa kapena apemphe banki iwakwezere malire. Expired card, nambala 54, yankho lake lili pa khadi pomwepo: pakalembedwa 08/26, imagwira mpaka tsiku lomaliza la Ogasiti 2026, kenako ndi pulasitiki wamba.

Netiweki nayo imalakwa, tisainamizire chiyero. Issuer unavailable, nambala 91, ndiye kuti makina sanathe kulumikizana ndi banki yanu. Apa m'pamene anthu amapsa, chifukwa "tayesaninso" wa kachitatu akhoza kubwera ndi uthenga woti ndalama zadulidwa pomwe kapepala kakuti zakanika. Wa pa tilu sanakubereni, musamuloze chala. Tolani kapepala kaja, mukasunge pamodzi ndi uthengawo. Kawirikawiri ndalamazo zimabwerera zokha, koma zikachedwa, banki idzafuna tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama zolembedwa pamenepo.

Pogula pa intaneti palibe mzere wokusekani, koma kukana n'komweko. Onetsetsani manambala 16 a kutsogolo, mwezi ndi chaka, ndi manambala atatu a kuseri otchedwa CVV. Kenako banki imatumiza OTP ku nambala ya foni imene munalembetsa. Ngati simu imeneyo munaitaya pothawa angongole, OTP ikupita komweko, kasinthitseni nambala ku banki. Makhadi ena amafunika kuwatsegulira kaye zogula pa intaneti. Ndipo ngati mukulipira m'madola, kumbukirani kuti ndalama zakunja zikamasowa mabanki a kuno amachepetsa zimene khadi ingalipire kunja, ngakhale makwacha atadzaza akaunti. Funsani malire anu musanalonjeze mwana nsapato za ku Dubai.

Wina akakuimbirani foni kuti ndi wa ku banki, akufuna pini kapena OTP kuti "akonze" khadi, dulani foniyo. Banki sifunsa zimenezo, imbani nokha nambala ili kuseri kwa khadi.

Ndipo inu abwana, khadi ikakana, sunthirani pambali ndi kapepala kanu mukawerenge bwinobwino. Ife a kumbuyo tangonyamula buledi mmodzi, ndipo minibasi ya ku Bangwe ikudzaza.