Chenji ya madona sagulira zitumbuwa

Ndili mwana, amayi akandituma mchere, chenji inkathera pa zitumbuwa, ndipo mlandu unkatha ndi kukokedwa khutu basi. Nzeru imeneyi ndinakula nayo mpaka anthu, posandidziwa bwino, anandisankha kukhala msungichuma wa kabungwe kathu kogawa mbuzi.

Madona anatipatsa K18,000,000 ya zaka ziwiri, ntchito yotha pa 30 Juni. Tsikulo litafika tinali titagwiritsa ntchito K16,800,000. Ine K1,200,000 yotsalayo ndinaiona ngati mphoto ya kuumira kwanga. Pa 3 Julayi ndinakagula mipando ya pulasitiki 25 pa K250,000, kuti komiti isiye kukhalira njerwa. Lisiti ndinalisunga m'Baibulo.

Kenako kunabwera mayi wofufuza mabuku. Anakana tiyi, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Anayala lipoti langa lomaliza pambali pa sitetimenti ya kubanki, n'kumalondola mzere ndi mzere ndi rula, mpaka chala chinaima pa mipando.

"Bambo msungichuma, ntchito inatha liti?"

"Pa 30 Juni, mayi."

"Nanga lisitili ndi la liti?"

Ndinati masiku atatu si kanthu, ngakhale maliro amadikira achibale. Iwo osaseka. Anati chilichonse chogulidwa tsiku lotseka litadutsa si cha pulojekiti, komanso mipando mu bajeti munalibemo. Tikanafuna nthawi, tikanalemba kalata ntchito isanathe, kupempha miyezi yoonjezera popanda ndalama zoonjezera. Kalata imeneyo mlembi anaitchulapo mu Epulo, ine n'kumuuza kuti asiye mantha.

Masamu awo anali achidule. Tibweze K1,200,000 yonse, kuphatikiza K14,000 ya chiwongoladzanja imene banki inaikapo, poti mgwirizano umati nayonso ndi yawo. Mwana wa mbuzi ndi wa mwini mbuzi, lamulo limene ineyo ndinkaphunzitsa alimi zaka ziwiri. Zonse pamodzi K1,214,000, pomwe ku akaunti kunali K964,000. Yoperewerayo komiti inagwirizana, popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe, kuti ichoke m'thumba la amene anagula mipando. Anagamula atakhala pa mipando yomweyo.

Njinga yamoto ya pulojekiti nayo inali m'kaundula wa katundu, nambala ya injini ndi zonse. Madona analemba kuti ipite kwa alangizi a ziweto. Ndinaipereka ndi makiyi awiri, chipewa, ndi misozi pang'ono.

Nditagulitsa matumba a chimanga amene mayi a kunyumba ankawerengera, tinatumiza ndalamazo ndi kupereka umboni wa kubanki. Patapita milungu inafika kalata yotseka: alandira, sitili nawo ngongole, ubale watha, koma mafayilo tisunge zaka zimene mgwirizano unanena, mwina adzawafunanso. Ali pansi pa bedi, ndipo ndimawaopera chiswe kuposa mmene ndimaopera denga.

Amene muli ndi chinkhoswe kapena ukwati, mipando 25 ilipo kwathu, yobwereketsa. Lisiti ndimapereka, tsiku lake lolondola.