Ngongole yatha, nanga pepala langa lili kuti?

Tsiku lokatenga ngongole kubanki, aliyense amakudziwa dzina. Amakupatsa mpando, amakubwereka cholembera, wina mpaka kukufunsa za ana kunyumba. Tsiku lokatenga pepala lako la malo utamaliza kubweza, amene anakulandira uja amakhala ali pa tchuthi. Nthabwala za lero ndazitola mumsewu wa M1, kuyambira pa Thabwa kutsikira ku Nsanje, ndipo eni ake andipempha kuti ndisatchule maina chifukwa ena mwa iwo mapepala awo sanatulukebe.

Mkulu wina wogula ndi kugulitsa ng'ombe pa Ngabu anapinyolitsa lizi ya nyumba yake. Atakokerakokera, sitetimenti ya pa 1 Okutobala inaonetsa kuti kwatsala K1,000,000. Anagulitsa nkhunzi ziwiri, ndipo pa 13 anakaponya miliyoni yonse, yosachotsera ngakhale tambala. Madzulo ake mbuzi inagwa, anansi anadya, mkulu uja nalengeza kuti tsopano akugona m'nyumba yake osati ya banki.

Patatha sabata anapita kukatenga lizi.

"Bambo, mukadali ndi ngongole," anatero mtsikana wa pawindo.

"Mwana wanga, uyang'ane bwino. Lisiti nali. Mbuzi inafa kale."

"Mbuziyo sitikuiona mukompyuta muno. Chimene tikuona ndi masiku 12."

Mtsikanayo sananame. Chiwongoladzanja sichidikira kutha kwa mwezi, chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Pa ngongole ya K1,000,000 ya 36 pelesenti pachaka, tsiku lililonse limabala pafupifupi K1,000. Kuchokera pa 1 kufika pa 13, panali patamera ndalama pafupifupi K12,000 yomwe sitetimenti yakale ija sinkaidziwa. Ndipo kandalama kameneka, ngakhale kachepe bwanji, kamagwira nyumba yonse, chifukwa banki simasula chikole buku lisanatsekedwe. Amene amadziwa njira safunsa kuti kwatsala zingati. Amanena kuti, ndiuzeni ndalama yotsekera ngongole yonse ndikalipira tsiku lakutilakuti, mundilembere papepala. Akalipira tsiku lomwelo, pamatsala ziro weniweni.

Mkulu uja analipira, koma potuluka anatembenuka.

"Ndiye usiku uja ndinkavina ndili ndi ngongole?"

"Inde bambo. Pomwe mumavinapo imakwera."

Pa Nchalo pali mayi wa golosale amene anamaliza yake bwinobwino, ziro wake ndi wozungulira ndithu. Anapempha kalata yotsimikizira kuti ngongole yatha. Mnyamata wa m'banki anamusindikizira sitetimenti.

"Mayi, apa palembedwa ziro. Kalata ya chiyaninso?"

"Achimwene, ziro ameneyu alinso mu akaunti yanga ya masiku onse, ndipo palibe anandiyamikirapo. Ndikufuna kalata yokhala ndi mutu wa banki, siginecha ndi chidindo."

Mayiyo ndi wanzeru kuposa ambiri a ife ovala tayi. Sitetimenti imangonena mmene zinthu zinalili tsiku lomwe inasindikizidwa. Kalata ndiyo imanena kuti inu mulibenso mangawa kubanki pa ngongoleyo, ndipo yabwino imatchula dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya ngongole, tsiku lomwe inatsekedwa, komanso nambala ya puloti kapena ya taitolo yomwe inali chikole. Mnyamata uja anati pempholo alitumiza kwa akuluakulu. Mayiyo anatulutsa kalata yake yopempha, makope awiri, nati adinde imodzi ndi deti la tsikulo abwerere nayo.

"Simukutikhulupirira, mayi?"

"Ndimakukhulupirirani kwambiri. Mmene inu munandikhulupirira muja, mpaka kundisungira pepala la nyumba."

Nkhani ya kumene pepalalo limagona ndi ina. Ambiri amaganiza kuti lili mu dilowa ya manijala amene anawalandira. Kawirikawiri silikhala panthambi, limatumizidwa kumene banki imasunga zikole zonse, ndipo kwa ife a kuchigwa kuno zimenezi nthawi zambiri zimatanthauza kukwera mtunda. Mphunzitsi wina wopuma wa pa boma la Nsanje atauzidwa kuti lizi yake ili ku Blantyre, sanadikire. Anakwera minibasi m'bandakucha, makilomita oposa 170, kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za pa Thabwa minibasi ikulira ngati ikuperekezedwa kumanda. Anafika ali ndi fumbi mpaka m'nsidze.

"Aphunzitsi, mwachita bwino kubwera. Pepala lanu talitumiza m'mawa uno kunthambi yanu."

"Ladzera njira iti?"

"Yomwe mwadzera inuyo."

"Ndiye ndi lija linatipitirira pa Dyeratu. Ndinaona galimoto yothamanga ngati yanyamula zanga."

Akanaimba kaye foni n'kufunsa komwe akalitengere ndi tsiku lake, akanasunga ya thiransipoti. Koma aphunzitsiwo anachita chimodzi chanzeru atalilandira. Asanasaine m'buku, anawerenga masamba onse pamaso pa kalaliki, anaona ngati mapu a puloti alimo, ngati ndi pepala lenileni osati fotokope, ndi ngati nambala ndi yawo. Kalaliki anadandaula kuti mzere watalika.

"Mwana wanga, inu munaliwerenga masabata angati musanandipatse ndalama? Ndilekeni nane ndichongeko."

Gogo wina wa ku Makhanga ndiye anadabwitsa banki yonse. Madzi osefukira a 2015 anamutengera ziphaso za ana. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatenga zotsala, kuphatikizapo buku la kuchipatala ndi chithunzi cha ukwati. Pepala lokhalo lomwe silinanyowepo ndi la kanyumba kake ka pa Bangula, chifukwa zaka zonsezo linali chikole. Atamaliza kubweza, anamuitana kuti adzalitenge. Analiyang'ana, louma gwa, lopanda ndi kadontho komwe.

"Adzukulu, kodi yaing'ono kwambiri imene mumabwereketsa ndi zingati?"

"Mukufunanso ngongole, agogo?"

"Ngongole ayi. Ndikufuna malo ogona a pepalali dzinja lino."

Koma imene imapweteka anthu ambiri ndi iyi. Kalipentala wina wa pa Dyeratu analandira kalata yake, analandira ndi taitolo didi yake, naiika mupulasitiki pansi pa matiresi. Patapita zaka anapeza wogula. Wogulayo anali wochenjera, anatuma loya kukafufuza mu kaundula wa malo ku Blantyre, ndipo loyayo anabwera ndi yankho loti malowo akadali chikole cha banki.

"Bodza! Pepala ndimagonera ine usiku uliwonse."

"Mumagonera pepala, madala. Buku la boma simuligonera."

Chinachitika n'chakuti, pa nthawi yotenga ngongole banki sinangosunga pepala. Inakalembetsanso ku ofesi ya za malo kuti pulotiyo ndi chikole, ndipo cholembedwacho sichifufutika chokha ngongole ikatha. Kompyuta ya banki ndi buku la boma sizilankhulana. Pamafunika chikalata china chomasula malowo, chimene maloya amati disitchaji. Banki imasaina, kenaka wina ayenera kupita nacho kukachilembetsa ku kaundula komweko, ndipo pali kandalama kolipira. Winayo ndani? Apa ndi pomwe anthu amagwera, chifukwa banki imaganiza kuti mwini malo apita, mwini malo amaganiza kuti banki inapita kale. Funso limeneli ndi lofunsiratu tsiku lolandira pepala, ndipo njira yodziwira kuti zatheka ndi imodzi yokha, kukafufuza mu kaundula n'kuona kuti dzina la banki lachotsedwa.

Kalipentalayo anakafukula envelopu yomwe anamupatsira pepala lija. Disitchaji inalimo, yosainidwa bwino, chisainireni chaka chomwe chija.

"Ine ndinkayesa ndi kalata yondithokoza."

Ya alamu ndiyo sindikudziwa ngati ndi yoseketsa. Mlimi wa mzimbe ku Kasinthula anamaliza ngongole yake tsiku lake lenileni, osachedwa. Popempha lizi, anamuuza kuti siituluka.

"Ndatsala ndi zingati?"

"Inu palibe, bambo. Koma alamu anu a chigayo atsala ndi zambiri."

"Nanga alamu anga akulowa bwanji m'nyumba mwanga?"

"Munawalowetsa nokha. Siginecha iyi ndi yanu?"

Inali yake. Zaka ziwiri m'mbuyomo alamuwo anabwera ndi fomu, nati ingosainani apa ngati mboni. Sinali ya umboni, inali yowaimira kuti akalephera kubweza alipira ndi iyeyo. Mapangano ambiri a chikole amalembedwa kuti malowo agwira ndalama iliyonse imene mwini wake angakhale nayo mangawa kubankiyo, osati ngongole imodzi yokha ija, choncho ovadilafuti yoiwalika kapena kuimira m'bale zimatha kulitsekera pepala m'kabati. Mlimiyo anapalasa njinga mpaka kuchigayo, anapeza alamu ake ali phee pamthunzi, akudya nsomba yowamba.

"Alamu, ndabwera kudzagwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Yolandira ndalama pakhomo apa. Ndamva kuti nane chigayochi chimandikhudza."

Ina ndi ya mayi wamasiye wa ku Tengani, amene amuna ake anamwalira ngongole itatha koma pepala asanakatenge. Banki inati singapereke kwa wina aliyense popanda chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Pamenepa banki sindiinena, chifukwa pakhomo pa mayiyo panali kale abale atatu a malemu, aliyense akuti pepalalo anauzidwa kuti asunge ndi iye. Mayiyo anafunsa kuti, pa nthawi yobweza bwanji palibe anandifunsa chikalata cha khoti? Kalaliki anayankha moona mtima kuti ndalama amalandira kwa aliyense.

Mayi wa golosale wa pa Nchalo uja kalata yake inamuthandiza msanga kuposa mmene ankaganizira. Atapita kubungwe lina kukapempha ngongole ya filiji, anamuuza kuti dzina lake likuonekabe pa mndandanda wa amene ali ndi ngongole, ku mabungwe aja amene amasunga mbiri ya obwereka ndalama potsatira lamulo la 2010. Banki yake yakale inali isanatumize uthenga woti anamaliza. Anatulutsa kalata, nabwereranso kubanki kukawauza kuti akonze, apo ayi akadandaula ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Anakonza sabata yomweyo. Potuluka, mnyamata uja anamuthamangira mpaka pakhomo.

"Mayi, popeza mbiri yanu ndi yoyera, mukuyenera kulandira ngongole yokulirapo. Pepala lija mwabwera nalo?"

"Ndalisiya kunyumba, achimwene. Likupumula. Lagwira ntchito zaka zitatu lopanda tchuthi."