Tikiti ya ku Joni pansi pa ambulera

Kufupi ndi depoti ya mabasi pa boma la Mzimba pali maambulera a maajenti a Airtel Money ndi Mpamba, ndipo pansi pa imodzi mwa iwo pali benchi yomwe ndimakonda kukhalapo ndikamadikira minibasi ya ku Jenda. Lachiwiri lina ndinapezapo bambo wachikulire wochokera cha ku Embangweni, chipewa chili pabondo, khadi ya ku banki ili m'manja. Pambali pake panali mnyamata wa pa kashopu kosindikiza mapepala, atawerama pa foni. Ankayankhula Chitumbuka, monga mudziwa kuti kuno ndicho cha pamsika, koma ndikufotokozerani m'Chichewa.

Mwana wa bamboyo anali m'chipatala ku Joni. Pa basi, kudzera ku Tete ndi Beitbridge, ndi masiku awiri kapena kuposa, ndipo msana wa mkuluyo sukanalola. Ndege yochoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi imatenga maola osakwana atatu. Ndalama anali nazo, anagulitsa ng'ombe. Koma poyesa kugula tikiti pa intaneti, foni inali itakana kale katatu.

"Yakananso, adada," anatero mnyamatayo, akuwaonetsa mawu ofiira akuti `Transaction declined`.

"Ikukana chiyani poti ndalama ndaika dzulo ndi manja angawa?"

Mayi wa pa ambulerayo, yemwe ankawerenga ndalama ngati sakumva, anadzutsa mutu. "Musadinenso. Uthenga wa manambala uja ukubwera?"

Mnyamata anati ayi. Mayiyo anafunsa nambala ya foni yomwe analembetsa potsegula akaunti. Mkuluyo anaganiza kanthawi, kenaka anati inali simu ija inatayikira kumunda chaka chatha. Apo vuto loyamba linapezeka. Ukamalipira pa intaneti, banki imatumiza manambala achinsinsi, omwe pa foni amalembedwa kuti `OTP`, ku nambala yomwe ili m'mabuku ake, ndipo amatha ntchito pakangopita mphindi zochepa. Ngati simu ija ili m'mizere ya chimanga, ungadine mpaka dzuwa kulowa.

Anapita ku banki, mtunda woyenda pansi, ine minibasi yanga isanadzaze n'komwe. Atabwerako nkhope ya mkuluyo inali yosasangalala. Nambala anasintha, khadi anaitsegulira zogula pa intaneti (makhadi ambiri amatuluka khomo limenelo lili lotseka, mwini wake n'kumaganiza kuti poti pa makina otapira ndalama imagwira ndiye kuti paliponse igwira), koma anawauzanso china. Tikiti inalembedwa m'madola, ndipo malire a ndalama zakunja omwe banki yawo imalola pa khadi pa mwezi sankafika ndi theka lomwe la mtengowo.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Mu akaunti muli makwacha, koma tsamba likalemba mtengo m'madola, banki iyenera kupeza madola ake enieni kuti ilipire kunja m'malo mwako. Madolawo ndi amene akusowa m'dziko muno. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma njala ya madola sinathe, ndiye mabanki amagawa pang'onopang'ono ngati shuga wa pamaliro. Khadi sikunena kuti ndiwe wosauka. Ikunena kuti khomo la madola ndi lopapatiza.

Mnyamata uja anawerengetsa pa foni. Tikiti yopita ndi kubwera inkaoneka madola 400. Pa mtengo wa ku banki wa makwacha pafupifupi 1,750 pa dola, ndiye K700,000. Mkuluyo anaika K705,000, kuganiza kuti yatsalayo ndi ya tiyi pa njira. "Ngakhale malire akanalola, adada, ikanakanabe," anatero. "Banki imaonjezapo yake pa zolipira kunja, ndipo mtengo wogulitsira dola umakwererapo pang'ono. Zikwi zisanu sizingakwane."

Munthu wina wovala jekete lachikopa, wooneka kuti Joni anaipondapo, analowerera. Anati iye chaka chatha anadina kasanu motsatizana. Ulendo wachinayi ndalama inachoka mu akaunti, tikiti osabwera. Banki inali itaigwira ndalamayo kudikira mbali inayo, mbali inayo n'kulephera kumaliza. Inabwerera ndithu, koma patapita masiku angapo, mpando uja utapita ndi ena ndipo mtengo utakwera. Ndiye chifukwa chake mayi uja ananena kuti musadinenso. Kudina mobwerezabwereza kumapangitsanso makina a banki kukuyesa wakuba, n'kutseka khadi yonse.

"Nanga bwanji ndingotapa ndalamayi ndiike mu foni, tilipire ndi Mpamba?" anafunsa mkuluyo.

Mayi wa pa ambulera, amene akanadyapo komishoni, anapukusa mutu. Anati ndalama ya mu foni ndi makwacha omwewo. Pa tsamba lofuna madola sidutsa yokha, ndipo ngakhale khadi yolumikizidwa ku foni imakagogoda pa khomo lomwe lija. Pamene foni imathandiza ndi pamene wolandira ali kuno ndipo akulandira makwacha, monga ofesi ya kampani ya ndege kapena ajenti wa maulendo ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Komanso foni ili ndi malire a ndalama zotumiza pa tsiku, choncho ndalama yaikulu chonchi mwina n'kuigawa pawiri, kapena kungoitumiza kuchoka ku akaunti kupita ku akaunti.

Njira imene anagwirizana inali imeneyo. Mnyamata anaimbira ofesi ya ndege ku Lilongwe, pa nambala yomwe anaitenga pa tsamba la kampaniyo, osati ya pa gulu la WhatsApp. Anasungitsa mpando, akutchula dzina chilembo ndi chilembo monga lilili mu pasipoti. Anawapatsa nambala ya zilembo zisanu ndi chimodzi, mtengo wa m'makwacha, ndi ola lomwe mpandowo umasulidwe ngati sanalipire. Mtengowo unaposa zomwe anawerengetsa zija, moti mkuluyo anaimbira mlamu wake ku Edingeni kuti aonjezere pa foni.

Wa jekete uja anati njira ina n'kuuza anyamata a ku Joni alipire ndi khadi yawo m'marandi, poti kumeneko sikukana. Zoona, ndipo mabanja ambiri a kuno amatero. Koma makampani ena a ndege amafuna kuona khadi yomwe inalipira, kapena chithunzi chake ndi chilolezo cha mwini wake, munthu asanakwere. Kufunsiratu n'kwabwino kusiyana n'kukamva zimenezo uli pa kauntala ku Lumbadzi, kwanu kuli maola anayi kumbuyo.

Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti mnyamatayo sanalole mkuluyo anyamuke ndi nambala ya zilembo sikisi yokha. "Iyi ndi yosungira malo chabe, adada. Tikiti yeniyeni ili ndi manambala 13. Mukalipira, tiwatumizire umboni, tidikire imeneyo." Akamberembere amadyera pomwepa. Amakusungira mpando, zomwe sizimawatayitsa ngakhale tambala, amakutumizira pepala lokongola la ulendo, iwe n'kutumiza ndalama ku nambala ya munthu, mawa lake mpando wafufutika ndipo foni yake yazima.

Kondakitala anayamba kumenya chitseko cha minibasi, akukuwa za Jenda. Ndinasiya mkuluyo akubwerera ku banki kachiwiri, chipewa chili kumutu tsopano, mnyamata akumutsatira ndi kapepala kolembapo akaunti ya kampani. Inali itangokwana 1 koloko, ndipo mpando unali womasulidwa 4 koloko.