95 Peresenti Yomwe Ndinamata pa Chitseko

Ndimagulitsa intaneti kwa eni mashopu ochepa pafupi ndi msika wa Bauleni. Mu September 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankabwera maola ochepa pa tsiku, ndipo makasitomala anayamba kudandaula kuti akulipira chinthu chosagwira ntchito. Ndinaganiza zowayankha ndi masamu.

Ndili ndi kakompyuta komwe kamayesa netiweki pa mphindi 5 zilizonse n'kulemba mzere umodzi, woti ilipo kapena palibe. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Mizere yonena kuti palibe inakwana maola 36. Ndinachotsa 36 pa 720, kutsala 684, n'kugawa ndi 720. Zinatuluka 95 peresenti. Ndinalemba pa pepala n'kumata pa chitseko, mtima uli m'malo.

Amayi ena omwe ali ndi shopu yosindikiza zikalata ndi kutumiza mafomu a anthu anawerenga n'kundiitana.

"Mwana wanga, maola 36 amenewo anali liti?"

Funso limeneli sindinadzifunsepo. Nditabwerera ku mizere ija ndinapeza kuti maola 30 anagwa masana, masiku atatu otsatizana kumapeto kwa mwezi, pomwe kampani yomwe ndimagulako intaneti inali ndi vuto. Amayiwo amatsegula 8 koloko m'mawa, kutseka 6 koloko madzulo, ndiye kuti maola 300 pa mwezi. Kwa iwo nambala yoona inali 270 pa 300, kutanthauza 90 peresenti. Ngakhale 90 imeneyo sinena kuti anakhala masiku atatu athunthu akubweza anthu pakhomo, nthawi yomwe anthu alandira malipiro. Netiweki ikanamaduka ola limodzi tsiku lililonse, nambala ikanakhala yomweyo, koma iwo akanangouza kasitomala kuti adikire pang'ono.

Chondiwawa kwambiri ndinachipeza usiku womwewo. Mizere 12 pa ola, kuchulukitsa ndi maola 720, iyenera kukhala 8,640. Yanga inali 7,560. Mizere 1,080 inasowa, omwe ndi maola 90. Kakompyutako ndinakalumikiza ku batire lomwelo la rauta. Batire likatha cha m'ma 3 koloko usiku, zonse zinkazima pamodzi mpaka dzuwa litafika pa sola. Makina ozima salemba kuti palibe, salemba kalikonse, ndipo masamu anga anatenga nthawi yonseyo ngati netiweki inalipo. Maola oduka anali 126, ndipo nambala yeniyeni inali 82.5 peresenti. Alonda ndi ana asukulu owerenga mbandakucha ankandiuza zimenezi, ine n'kumawaonetsa pepala.

M'mawa ndinachotsa pepalalo, n'kupita kwa amayi aja kukapepesa ndi kuwabwezera ndalama za masiku atatu. Kakompyutako ndakagulira batire lakelake, ndipo mzere uliwonse wosowa ndimauwerenga ngati netiweki inaduka. Pa pepala la October ndinalembapo peresenti ya mwezi wonse, ya maola ogulitsa, ndi nthawi yaitali kwambiri yomwe inaduka kamodzi.