Mapanga Awiri, Liwonde ndi Balaka

Ine mlembi wa katundu m'sitolo ina yapikulitsa pa Liwonde, amene bwana ankandiitana kuti "aujeni" chilowereni ntchito, ndinasanduka munthu wofunika tsiku limene mayi wina wofunira makampani antchito anandiimbira lamya, nati kampani ina ya thonje ku Balaka idzandipatsa K350,000 pamwezi m'malo mwa K250,000, ndipo yankho alifuna pofika Lachisanu.

Nditapereka nkhaniyi mawondo akuwombana, bwana, amene chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ankalumbira kuti m'thumba mulibe kanthu, anandikhazika pampando wa alendo, naitanitsa Fanta, nati, "Achimwene, mutisiyiranji? Tikupatsani K360,000." Pamenepo mtima wanga unadzikuza ngati wa Farao, ndipo madzulo ake ndinayenda pamlatho wa Shire ndikuyankha moni ndi mutu wokha.

Mayi a kunyumba, amene nzeru zawo sizidikira Fanta, anangofunsa kuti, "Bambo, kalata yake ili kuti?" Za ku Balaka zinali papepala losainidwa, pamene za bwana zinali pakamwa, ndiponso K110,000 yowonjezerayo anaitcha alawansi, chinthu chimene chimabwera ndi chisomo cha mwini sitolo n'kuchokanso nacho. Koma ku Balaka nakonso sikunali Kenani, pakuti kalatayo inanena za miyezi yoyesedwa, imene lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti ifike 12 kwa munthu waluso, ndipo m'nyengo imeneyo akhoza kukuchotsa popanda notisi. Kuwonjezera apo lendi ya nyumba, kapena minibasi ya tsiku ndi tsiku, inali kudya kale gawo la K100,000 ndisanaigwire n'komwe.

Podziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndinaimbira mayi uja, osabisa kanthu, ndi kuti, "Mayi, kuno andiwonjezera, yankho mulandira Lachisanu lomwelo, koma kodi miyezi yoyesedwayo singachepe?" Iwo, amene anaonapo aujeni ambiri otupa chotere, anaitsitsa kufika itatu, nandikumbutsa kuti wolandira pamwezi amapereka notisi ya mwezi wathunthu, ndi kuti wosiya yekha asayembekezere ndalama za chipukutamisozi zimene amalandira wochotsedwa ntchito ikachepa. Kwa bwana ndinapempha chimodzi chokha: kuti K360,000 ilembedwe ngati malipiro enieni, pofika Lachinayi.

Lachinayi kalata sinaoneke. M'malo mwake kunabwera mphwawo wa bwana, mnyamata wa nsapato zosongoka, amene anati amutuma kuti "andithandize" ndi kuphunzira mabuku a katundu pamodzi ndi makiyi a nyumba yosungiramo, ndipo ngakhale ine, amene nzeru zimandifika mochedwa, ndinaona kuti K360,000 ija inali yogulira nthawi yophunzitsa wondilowa m'malo. Lachisanu m'mawa ndinasaina za ku Balaka. Mwezi wa notisi ndikuutha tsopano, ndikuphunzitsa mnyamatayo kuwerenga matumba a shuga, ndipo iye wayamba kale kundilangiza kuti ndizifika msanga.