Bajeti ya banja latsopano imayambira pa mwezi wouma

Amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi asandiuze za bajeti. Ine ndine kalipentala, ndalama zanga zimabwera ngati mvula ya ku Nsanje: kaya chilala, kaya kusefukira. Akazi anga amagulitsa kaunjika, ndipo chuma chawo chimadalira belo. Lina ukalimasula mumatuluka madiresi okhaokha, lina majuzi aubweya mwezi wa Okutobala. Ankhoswe potilangiza anatiuza za ulemu, za kuchipinda ndi za apongozi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za lendi.

Ndalama za perekaniperekani zitatha, tinakhala pansi ndi kope. Ine ndinkafuna bajeti yathu iyambire pa K610,000, ndalama zomwe tinapeza tonse awiri mwezi womwe ndinakhoma madesiki a sukulu ina ya mkaka. Mayi anangotsegula masamba n'kuloza Febuluwale, mwezi umene anthu amasaka ufa ndipo palibe amene amalota za kabati. Pamenepo panali K240,000.

"Abambo, mwezi uwu ndiye malipiro athu. Zoposa apa ndi alendo," anatero.

Ndinati nditsutse monga mutu wa banja, koma mutuwo unalibe masamu ena. Nzeru yake ndi yakuti mukayerekezera pa mwezi wonona, kapena pa wapakatikati, mwezi wouma ukafika mumathamangira kwa akatapila. Mukayerekezera pa wouma, miyezi ina yonse imakusiyirani kenakake.

Tinagawa K240,000 ija motere: lendi K70,000, chakudya ndi chigayo K95,000, makala ndi mayunitsi a magetsi K30,000, madzi K10,000, mayendedwe K15,000. Pa K20,000 yotsala, theka ndi la sopo, foni ndi chopereka, theka lina ndi la abale. Mzere wa abalewu musauseke. Mlamu akaimba kuti feteleza wavuta, timatumiza zomwe zili pamzerewo, zikatha zatha, ndipo palibe amene amagona atayang'ana kukhoma chifukwa choti kwawo kwa mnzake kwapita zambiri.

Pomwe panandiwawa ndi pa nkhani ya dipoziti. Kasitomala akandipatsa K150,000 kuti ndiyambe bedi, miyendo yanga imadziwa yokha njira ya pachiwaya. Mayi akuti ndalama imeneyo ndi ya matabwa, misomali, guluu ndi vanishi, yanga ndi yokhayo yotsala bedi likanyamulidwa. Nawonso amayamba achotsa mpamba wa belo lotsatira asanawerenge phindu. Chizindikiro choti mukudya mpamba n'chosavuta: malonda akuyenda, koma tsiku lokaoda likafika mukukongola.

Nanga alendo aja? Mwezi wa K610,000 umasiya K370,000 pamwamba. Theka lake, K185,000, limapita ku thumba la mwadzidzidzi tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, chifukwa ndalama ikagona m'nyumba imadzuka ndi maganizo. Pa theka linalo timalipiriratu lendi ya mwezi wamawa, ndipo ikakhala nthawi yokolola timagula matumba a chimanga mtengo usanakwere. Chimanga chili ndi ubwino wina: kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi thumba la makilogalamu 50 anadzuka nalo likadali makilogalamu 50. Zotsalira timagawana, aliyense adye zake popanda kufunsidwa lisiti. Thumba la mwadzidzidzi tikufuna lifike K720,000, yomwe ndi miyezi itatu youma. Sitinafike, koma tikuyenda.

Kosungira nakonso kunavuta. Mayi ali ku banki m'khonde, koma kumeneko masheya amagawana pakutha pa chaka, ndipo mwana wa eni akadwala usiku simungakagogode kwa msungichuma. Ukafuna msanga umachita kubwereka ndi chiwongoladzanja, ndalama yako yomwe. Choncho K50,000 imakhala pa Mpamba, mu simu yomwe silowa m'foni yanga, ndipo zina zonse zili ku banki, mu akaunti yofuna tisaine tonse awiri. Kuti ndikatape ndiyenera kupita ndi mayi, n'kufotokoza chifukwa chake pamzere, anthu akumva.

Tinalembanso zomwe zikuyenera kutchedwa ngozi: matenda, maliro a wachibale weniweni, chida chogwirira ntchito chikawonongeka, ndi mwezi wotsika kuposa K240,000. Ukwati wa mnzanga si ngozi chifukwa khadi amabweretsa kudakali miyezi iwiri. Ndinapempha kuti masewero a Bullets ndi Wanderers alowe m'gulu la matenda, poti amakhudza mtima, koma pempho langa linakanidwa ndi komiti ya munthu mmodzi.

Inu amene mukumanga banja Loweruka likubwerali, vinani bwinobwino, koma Lolemba mufunsane mwezi umene aliyense anapeza zochepetsetsa chaka chathachi. Amuna anzanga, mutchule nambala yeniyeni, osati ija munkatchula pofunsira.